Mabotolo khumi ndi funso limodzi

Aliyense amene anayesapo kupanga makanema oti azituluka sabata ndi sabata amadziwa kuti gawo loyamba silivuta. Mutu umakhala utadzaza, anzako akukuchemerera, nawenso mtima uli m'mwamba. Mavuto amayamba cha pa gawo lachisanu ndi chinayi, Lamlungu madzulo, pepala lili mbee, pamene walonjeza kale anthu kuti Lachinayi aona zatsopano. Apa m'pamene umazindikira kuti ntchito yeniyeni sinali kulemba kanema mmodzi ayi, koma kusankha zinthu zimene zizibwera nthawi zonse, zimene zizisintha, ndi pamene nyambo izikhala kuti woonera asathawe.

Mapulogalamu awiri a ku Amereka, onse a pa YouTube, anayankha nkhaniyi mosiyana kwambiri, ndipo onse zinawayendera. Yoyamba ndi Hot Ones, imene inayamba mu Marichi 2015 pa tsamba la First We Feast. Anaiganiza ndi Chris Schonberger ndipo amaiyendetsa ndi Sean Evans. Yachiwiri ndi Vsauce ya Michael Stevens, imene inayamba mu 2010 ndi nthabwala za masewera a pakompyuta, kenako n'kutembenukira ku mafunso a sayansi ndi a nzeru zakuya. Ina ndi yocheza ndi alendo, inayo ndi ya munthu mmodzi wolankhula yekha. Koma kwa mlembi zikufanana pa chinthu chimodzi: zonse zimafunika kugwira munthu kwa mphindi 20 kapena kuposerapo, munthu amene chala chake chili kale pagalasi la foni, chokonzeka kudumphira kwina.

Hot Ones ndi chikombole, chonga choumbira njerwa. Tebulo ndi lomwelo, kumbuyo n'kwakuda bii, mipando ndi iwiri. Patsogolo pa mlendo pali mapiko a nkhuku khumi, ndipo patsogolo pa mapikowo pafola mabotolo khumi a tsabola, kuyambira wozizira mpaka wolusa. Phiko lililonse lili ndi funso lake. Mlendo akaluma, pagalasi pamatuluka dzina la botolo ndi nambala ya ukali wake pa muyeso wa Scoville, umene Wilbur Scoville anakonza mu 1912. Pambali pali madzi ndi mkaka. Wosadya nyama amamukonzera zina m'malo mwa nkhuku, monga anachitira Paul Rudd mu 2019 amene anadya kolifulawa, koma makwerero ake sasintha.

Chimene chimandichititsa chidwi n'chakuti nyambo ya pulogalamuyi salemba ndi cholembera. Ili patebulo. Woonera akangoona mabotolo khumi atafola, wadziwa kale nkhani yonse: poyambira ndi apa, pothera ndi apo, ndipo pakati pake munthu wotchuka uyu, wozolowera kuyankha atolankhani ndi mawu oloweza, ayamba kutuluka thukuta ndi mamina. Palibe chifukwa choti Evans anene kuti khalani nafe, zabwino zikubwera. Botolo lachisanu ndi chitatu likunena kale zimenezo lili duu pamalo pake. Kwa zaka zambiri pamalo amenewa pankakhala Da Bomb Beyond Insanity, tsabola amene nambala yake, 135,600, ndi yaing'ono poyerekeza ndi ya mabotolo awiri otsatira, koma ndi amene alendo amamutukwana kwambiri chifukwa cha kuwawa kwake kosakoma m'kamwa. Mabotolo ena amasinthidwa sizoni iliyonse, koma ameneyu ankamusiya. Oonera akale amadikira pamenepo monga momwe anthu amadikirira penate.

Ndipo makwererowa ndi enieni chifukwa munthu angathe kugwa. Mu 2015 DJ Khaled anaimika manja pa phiko lachitatu. Gawo limenelo likanatha kuoneka ngati lalephereka, koma ndi limene linaphunzitsa oonera kuti kufika pa botolo lomaliza si chinthu chapafupi.

Tsono mlembi wa pulogalamu yotere amachita chiyani? Ntchito yake ndi kudzaza mabokosi khumi, ndipo luso lili pa kudziwa funso loyenera bokosi lililonse. Evans ndi kagulu kake kochepa amatchuka ndi kufufuza mbiri ya mlendo mpaka kupeza zinthu zimene mwiniwake anaiwala. Kawirikawiri umamva mlendo akudabwa kuti zimenezi mwazitenga kuti. Koma funso labwino litaikidwa pamalo olakwika limafa. Mukaonetsetsa magawo angapo motsatizana muona kuti mafunso ofuna yankho lalitali, a ntchito imene mlendo wabwera kudzalengeza kapena a luso lake, amakonda kukhala koyambirira, lilime likadali bwino. Cha pakati, kwa nthawi yaitali, pankabwera kachigawo kotchedwa Explain That Gram, pamene ankamuonetsa mlendo zithunzi zake za pa Instagram kuti afotokoze. Kameneka kanali kopumira: maso apeze china choona, mlendo aseke, tsabola ayambe kugwira ntchito yake mwakachetechete. Pofika pa botolo lachisanu ndi chitatu, funso limangokhala chonamizira. Chimene tikuonera si yankho, koma munthu akulimbana kuti amve n'komwe chimene wafunsidwa.

Vsauce ilibe tebulo lotero. Chikombole chake n'chochepa zedi moti mungachilembe pachikhatho: Stevens amatulukira mwadzidzidzi, nthawi zambiri kuchokera pansi pa chithunzi, n'kupereka moni wake wa masiku onse wodzitchula dzina; amanena chinthu chooneka chodziwikiratu; amaima pang'ono n'kufunsa kuti kodi n'zoonadi, nyimbo ya Jake Chudnow n'kulowa; pamapeto amathokoza oonera ndi mawu omwe aja, akuti monga mwa nthawi zonse. Pakati ponsepo palibe mabokosi. Pali ulusi umodzi umene iye amaupota yekha, gawo lililonse kuyambira pachiyambi.

Tengani kanema wa mu 2017 wotchedwa Which Way Is Down? Funso lake mwana wa sitandade 2 angaliseke: pansi ndi kuti? Stevens amayamba ndi kusewera ndi mawu, poti m'Chingerezi liwu lotanthauza pansi limatanthauzanso nthenga zofewa za mbalame. Kenako amalowa m'nkhani. Pansi ndi kumene zinthu zimagwera, chabwino, koma n'chiyani chimazigwetsa? Zimenezi zimamufikitsa pa kusiyana kwa kulemera kwa chinthu ndi kuchuluka kwa zimene zili m'chinthucho. Ndiye ngati dziko si lobulungira bwinobwino, ndipo miyala ya pansi pathu si yolemera mofanana paliponse, chingwe cha mmisiri chokhala ndi mwala kunsonga sichiloza ndendende pakati pa dziko. Pofika kumapeto tili kwa Einstein, tikumva zoti kugwa kumachokera ku kupindika kwa malo ndi nthawi. Palibe pamene wadumpha. Yankho lililonse limabereka funso lotsatira, ndipo woonera amakhalabe chifukwa nthawi zonse ali ndi ngongole imodzi yosabwezedwa.

Liwu loti ngongole ndalisankha dala. Nyambo iliyonse ndi ngongole: walonjeza munthu chinthu, ndipo iye akukupatsa mphindi zake, kuno kwathu ndi bandulo yake yomwe, podikira kuti ubweze. Ku Hot Ones ngongole ndi imodzi, yaikulu, yooneka kuyambira sekondi yoyamba, ndipo amabweza ndi tsabola. Ku Vsauce ngongole ndi zing'onozing'ono zambiri, ina ikabwezedwa ina yatengedwa kale, ndipo wobweza ndi mlembi yekha basi. Tsabola salephera kuwawa. Mlembi amalephera.

Pa mawu a chizolowezi m'pamene oyamba kumene ambiri amasochera. Amaona kuti mapulogalamu otchuka ali ndi mawu amene anthu amawabwereza m'misewu, iwonso n'kukhala pansi kupeka awo, asanadziwe n'komwe kuti mawuwo azigwira ntchito yanji. Ife tinakulira pa nthano, sitiyenera kuvutika kumvetsa zimenezi. Agogo akati "Padangotero," ife n'kuyankha kuti "Tili tonse," sanali kukometsera chabe. Mawuwo ankatseka macheza wamba n'kutsegula nthano, ndipo kuyankha kwathu kunali kuwauza kuti sitinagone. Anali ndi malo ake ndi ntchito yake.

Mawu a Evans nawo ali pamfundo za pulogalamu, pamene chigawo china chikulumikizana ndi chinzake. Poyamba amati iyi ndi pulogalamu ya mafunso otentha ndi mapiko otentha kuposa pamenepo, ndipo m'chiganizo chimodzicho woonera amene sanaonerepo wauzidwa malamulo onse. Asanayambe kudya amafunsa mlendo kuti iye ndi tsabola amamvana bwanji. Yankho lake, kaya lodzitama kaya lamantha, ndi limene tidzamuweruze nalo kutsogoloku. Pa phiko lomaliza amagwedeza botolo la The Last Dab n'kunena kuti mwambo wa pano ndi kuthira kadontho kowonjezera, koma sukukakamizidwa. Ndani angakane atauzidwa choncho pamaso pa anthu? Mapiko akatha amaloza makamera mmodzimmodzi n'kuuza mlendo kuti awuze anthu zimene akuchita m'moyo mwake. Apa n'kuti mlendo akulandira malipiro ake: wavutika, tsopano alengeze filimu kapena chimbale chake. Chiganizo chilichonse ndi chikwangwani chouza woonera pamene wafika paulendo.

Mawu a Stevens ndi ochepa, koma limodzi mwa iwo limasenza katundu wolemera kuposa onse a Evans. Funso lija loti kodi n'zoonadi ndilo injini ya pulogalamu yonse, chifukwa ndi pamene chinthu chodziwika chimasanduka chokayikitsa. Vuto lake n'lakuti chida chotere chimabuntha. Anthu analizolowera mpaka kulisandutsa nthabwala ya pa intaneti, ndipo wotsanzira aliyense amene amaliponya popanda chodabwitsa chenicheni kumbuyo kwake amangooneka ngati akuchita sewero. Moni sutha mphamvu ngakhale utanenedwa kambirimbiri, poti palibe amene amayembekeza kuti moni umudabwitse. Koma mawu olonjeza kudabwitsa amafuna kuti tsiku lililonse ubwere ndi chodabwitsacho.

Kuti kusiyanaku kuoneke pafupi, tiyeni titenge mutu umodzi, tsabola yemweyo, tiukonzere kanema wa mphindi 8 m'njira ziwirizi, ngati kuti tikujambula ndi foni kuseri kwa msika.

M'njira ya chikombole, tinene kuti mlendo wathu ndi mayi wogulitsa tomato ndi tsabola, ndipo pabenchi tayika mbale zisanu za tchipisi cha pachiwaya, yoyamba yongothira mchere, yachitatu ya Nali, yomaliza ya kambuzi wosinja kumene. Mphindi 8 ndi masekondi 480. Masekondi 10 oyamba ndi a nyambo, 20 a moni ndi kutchula mlendo, mbale iliyonse 80, ndipo 50 otsala ndi oti mayiwo anene kumene benchi lawo lili, ife n'kutsanzika. Pa mbale yoyamba tifunsa mmene anayambira geni, poti yankho lake ndi lalitali. Pa yachiwiri, mmene amadziwira tomato amene safika mawa. Funso limene tikulidalira kwambiri, la tsiku limene katundu yense anawaonongekera, tiliika pa mbale yachitatu, pamene manyazi a kamera atha koma lilime likadagwira. Tikalisungira pa yachisanu poganiza kuti chabwino chimakhala kumapeto, tidzapeza mayi akupemerera m'kamwa ndi dzanja, nkhani yabwino ija n'kutuluka m'mawu atatu. Pa mbale yomaliza pafunika funso loyankhika ndi mpweya umodzi: kasitomala wovuta kwambiri ndi wamtundu wanji?

Zolemba zonsezi sizidzaza tsamba. Ndipo malo a nyambo timawasiya opanda kanthu, chifukwa sitingadziwe pasadakhale pamene mayiwo adzaseke kapena kudzuma. Tidzakatola tikamaliza kujambula, kachidutswa ka masekondi ochepa kochokera cha kumapeto, kosaulula ngati anamaliza mbale zonse. Sabata yamawa tidzangosintha mlendo ndi mafunso asanu.

M'njira ya ulusi mulibe mlendo woti atithandize, ndiye liwu lililonse liyenera kulembedwa. Ine ndikawerenga Chichewa mokweza, mosathamanga, ndimatha mawu pafupifupi 100 pa mphindi, choncho ndikufunika mawu ngati 800, onse otsimikizika. Ndiyamba ndi chodziwika: tsabola amawotcha. Koma mukaika chopimira kutentha mu kambuzi wosinja, sichikwera. Nanga moto timaumvawo ukuchokera kuti? Mu tsabola muli mankhwala otchedwa kapisaisini, amene amakagwira pa kachipata kena ka m'mitsempha yathu, kotchedwa TRPV1, kamene ntchito yake ndi kutichenjeza chinthu chikatentha kufika pa madigiri pafupifupi 43. David Julius ndi anzake anakazindikira mu 1997, ndipo ntchito imeneyi inamupezetsa mphoto ya Nobel mu 2021. Ndiye kuti tsabola amanamiza thupi. Koma chomera chinamizirenji? Apa pakubwera mbalame: izo kapisaisini siziimva, zimadya tsabola mosavutika n'kukataya njere zamoyo kutali, pamene nyama zotafuna ndi mano, zimene zikanaphwanya njerezo, zimathawa. Tsono ngati ukaliwo ndi wothamangitsa nyama ngati ife, bwanji ife tikuchita kuugula ndi ndalama? Funso limenelo ndilo lingatibweze pa mbale ya tchipisi imene tinayambira.

Polemba ulusi umenewu ndinali ndi mfundo ina imene ndimaikonda, yoti madzi sathandiza tsabola akakuwawa chifukwa kapisaisini sasungunuka m'madzi, pamene mkaka umathandiza. Ndi yoona, ndi yothandiza, ndipo ndinaiika pambuyo pa mbalame. Powerenga mokweza ndinamva ulusi ukuduka. Nkhani ya mbalame sibereka funso la mkaka. Njira yoyesera ndi yosavuta, ndipo olemba South Park, Trey Parker ndi Matt Stone, anaitchukitsa: pakati pa zigawo ziwiri pazitha kulowa "koma" kapena "choncho". Ngati chimene chikulowapo ndi "komanso" basi, ndiye kuti sukuluka, ukungounjika. Mkaka uja uyenera kusamukira koyambirira, pamene tikufotokoza za mitsempha, apo ayi uchotsedwe ndithu. M'chikombole mfundo yotereyi ikanangolowa m'bokosi lililonse popanda wodandaula, chifukwa mabokosi safuna kuti lina libereke linzake. Funso lachinayi likakhala lofooka, mbale yachisanu ikubwerabe.

Mtengo wa njira ziwirizi umaonekera pakalendala. Hot Ones imatuluka Lachinayi lililonse sizoni ikakhala mkati, ndipo magawo ake anapitirira kale 300. Chikombole chimagawika: wina afufuze, wina aitane alendo, wina akonze mabotolo, wina adule kanema, aliyense akudziwa mawonekedwe a njerwa imene ikufunika. Chimagulitsikanso, poti mu Disembala 2024 kampani ya BuzzFeed inagulitsa First We Feast pa madola 82.5 miliyoni. Makanema a Stevens, amene cha mu 2012 ankabwera pafupipafupi ali aafupi, anayamba kutalika n'kumabwera patalipatali, mpaka miyezi kumadutsa. Zifukwa zinalipo zingapo, kuphatikizapo pulogalamu ina ya Mind Field imene anayamba mu 2017, koma n'zosachita kufunsa kuti ulusi wa mphindi 25 wopanda mfundo yomasuka sungapotedwe sabata iliyonse ndi mutu umodzi. Komabe kanema wotero sakalamba msanga. Wofuna kudziwa kuti pansi ndi kuti adzamupeza zaka khumi zikubwerazi ali chimodzimodzi, pamene kucheza ndi munthu amene ankalengeza filimu ya chaka chatha kumazirala, pokhapokha ngati pachitika china chosaiwalika.

Kudwala kwa njira iliyonse kumaoneka mosiyana pa mzere umene YouTube Studio imajambula, wosonyeza kuti oonera anatsala angati pa sekondi iliyonse. Pali ngakhale nambala yapadera ya amene anapitirira masekondi 30 oyamba. Ngati mzere wagwa chiphompho pomwepo, m'njira zonse ziwiri vuto ndi limodzi: moni watalika, kapena mutu ndi chithunzi zinalonjeza china kanema n'kuyamba ndi china. Kupitirira apo zimasiyana. Chikombole chikatopetsa, mzere umatsika pakati n'kudzatumphuka cha kumapeto, kusonyeza kuti anthu akudumpha mafunso kuthamangira botolo lolusa. Akhulupirira tsabola koma asiya kukhulupirira mlembi. Ukaona chigwa chomwecho pamalo omwewo magawo anayi otsatizana, bokosi limenelo lafa, lichotsedwe ngakhale lili ndi dzina lokoma. Ulusi ukaduka, mzere umatsika pamalo amodzi osabwereranso, chifukwa palibe cha kutsogolo chimene woonera akuchidziwa choti adumphireko. Ukapita pa sekondi imeneyo n'kumvetsera, kawirikawiri upeza "komanso" ali pomwepo.

Ine woyamba kumene ndingamulangize chikombole, ngakhale mtima wanga uli ku ulusi. Chifukwa chake si chakuti n'chapafupi chabe. Chikombole chili ndi mphatso ina imene imabwera mochedwa: chikazolowereka, chimatheka kuswedwa, ndipo kuswekako kumasanduka gawo labwino koposa. Mu Januwale 2019 Gordon Ramsay anabwera ndi chikwama cha zozimitsira moto, za mandimu, madonasi ndi mankhwala a m'mimba, n'kumatukwana mapikowo ngati wophika amene wapatsidwa chakudya chosapsa. Mu Epulo 2024 Conan O'Brien anafika ndi dokotala wabodza woti azimupima, n'kuyamba kumwa tsabola m'botolo ndi kudzipaka kumaso, uku akukuwa kuti ali bwinobwino. Munthu amene sanaonerepo Hot Ones angaone ngati bambo wamkulu wapenga basi. Amene anaona alendo mazana akunyambita kadontho mwamantha ndi amene anagwa nako kuseka, chifukwa ankadziwa lamulo lililonse limene linkathyoledwa. Evans sanasinthe chilichonse tsiku limenelo. Anafunsa mafunso ake motsatana, anagwedeza botolo lomaliza, ndipo mlendo wake ali chofiira, tsabola ali chuchuchu pachibwano, analoza makamera aja mmodzimmodzi n'kumuuza kuti awuze anthu zimene akuchita m'moyo mwake.